"Malume, Tiyeni Tisiye Fodya Limodzi": Mafunso ndi Mayankho

Mnyamata wina wa zaka 27 amene amagwira ntchito yomanga ku Joni anatumiza uthenga kwa amalume ake a ku Mchini, muno mu Chipata. Amalumewo ali ndi zaka 58, ndipo anayamba kukoka fodya asanakwatire. Uthengawo unali wotere:

"Malume, muli bwanji kumeneko? Amayi ndi ana ali bwanji? Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda. Ndili ndi nkhani imene yandivuta, ndiye ndati ndibwere nayo kwa inu. Fodya wandigwira. Ndikakwera masitepe ndi thumba la simenti mtima umachita kugunda m'khosi. Ndayesa kusiya ndekha koma Loweruka likafika ndimabwerera. Dzulo pamene timalankhula ndinamva mmene mumatsokomolera, ndipo sindinagone bwino. Mutu umodzi susenza denga, malume. Bwanji tisiye limodzi, inu uko ine kuno, tsiku limodzi? Mukandiyang'anira inu ndichita manyazi kubwerera. Ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga mundikhululukire."

Mabanja ambiri kuno ku Eastern ali ndi mwana kunja ndiponso wamkulu wosuta pakhomo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabuka uthenga wotere ukafika, ena ochokera kwa wotumiza, ena kwa wolandira.

Kodi si mwano kuti mwana auze amalume ake zosiya fodya?

Zitengera kalankhulidwe. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndiye amalangiza, ndipo mwana wa mlongo wake akabwera ndi malangizo zimamveka ngati ndalama za ku Joni zamukweza mapewa. Uthenga uli pamwambawu unapewa msampha umenewu. Mnyamatayo anayamba ndi vuto lake, anapempha kuti amuyang'anire, ndipo za chifuwa cha amalume anazitchula kamodzi kokha. Motero amalume sanalandidwe udindo wawo. Anapatsidwa ntchito imene ndi yawo kale, yoyang'anira mwana, kungoti ulendo uno kuti aigwire bwino ayenera kusiya nawonso.

Chimene chimaononga nkhani ngati iyi ndi kuimangiriza ku ndalama. Mawu akuti "mukapanda kusiya sinditumizanso" amabala bodza basi. Munthu amayamba kusutira kuseri kwa chimbudzi, pafoni n'kumati zonse zili bwino. Ndikupemphanso achinyamata kuti asamaike nkhaniyi pagulu la banja la pa WhatsApp amalume asanavomere. Wamkulu akachititsidwa manyazi pamaso pa azilongo ake ndi adzukulu amakana ngakhale chimene mumtima amachifuna.

Wina ali ku Joni, wina ku Chipata. Ndiye "limodzi" ameneyu ndi uti?

Akangoti "tasiya" n'kusiyira pomwepo, palibe chimene apangana. Pangano lenileni lili ndi tsiku, lili ndi nthawi zoyankhulana, ndipo aliyense amadziwa maola amene mnzake amavutika. Mwayi wa awiriwa ndi wakuti nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzi. Ikakwana 13:00 ku Chipata, ku Joni nakonso ndi 13:00.

Chimene anachita poyamba ndi kuwerenga fodya wawo kwa masiku angapo, asanasiye, n'kuuzana. Amalume anapeza kuti amakoka ndudu 12 patsiku, zambiri zogula imodziimodzi pa kantemba, ndipo ndalama zikasowa amapichira chingambwe. Yoyamba amayatsa akangodzuka, cha m'ma 5:30, asanasukusule n'komwe. Ina ikatha nsima ya masana, ina panjinga pobwerera kuchokera ku Kapata, ndipo zambiri zimathera pa nsolo madzulo. Mnyamatayo amakoka 6 kapena 7 patsiku la ntchito: pa tiyi wa 10:00, pa chakudya cha masana, poyembekeza minibasi. Koma Loweruka pa mowa paketi yonse imatha.

Mukaona bwino, adani awo ndi osiyana. Amalume thupi lawo ndi lomwe lagwidwa kwambiri, chifukwa munthu amene amayatsa pasanathe mphindi 30 chidzukireni amakhala kuti nikotini wa mu fodya, amene amabweretsa chibaba, wamuzika mizu. Mnyamatayo chimamukoka kwambiri ndi anzake ndi botolo. Choncho anagwirizana kuti mnyamata azitumiza uthenga wa mawu 5:30 iliyonse, pamene akukonzekera kupita kuntchito, ndipo amalume aziimba Loweruka dzuwa likamapendeka, mnyamata asanatuluke. Mauthenga ena onse ndi a kachidule: "lero zero", kapena "lero zavuta, imbani".

Tsiku losiyira tisankhe liti? Nanga tidule kamodzi kapena tizichepetsa?

Sankhani tsiku la mkati mwa masabata awiri akubwerawa. Likakhala kutali mtima umazizira. Lisagwere pa ukwati, pa malipiro a kumapeto kwa mwezi, kapena pafupi ndi mwambo umene mumapitako. Wofuna kusiya sabata ya Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kapena ya Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, wadzisankhira nkhondo yaikulu, chifukwa kumeneko anzake akale onse alipo ndipo fodya amangopatsana. Awiriwa anasankha Lolemba la pakati pa mwezi.

Kudula kamodzi n'kumene ndimalimbikitsa. Kuchepetsa kumathandiza ngati kuli ndi tsiku lothera, monga kuchoka pa 12 kufika pa 6 sabata yoyamba, kenako 3, kenako kusiyiratu pa tsiku lija. Kuchepetsa kopanda tsiku kumapusitsa: munthu akatsala ndi ndudu zitatu amazikoka mozama, amasunga utsi nthawi yaitali, ndipo amazimaliza mpaka kuotcha zala. Ndiponso mtima suwerenga monga timawerengera ife. Ndudu imodzi yokha patsiku imabweretsa pafupifupi theka la ngozi ya matenda a mtima imene imabwera ndi ndudu 20.

Usiku wa Lamlungu chotsani zonse: ndudu zotsala, machesi a m'thumba la jekete, kachikwama ka chingambwe, mapepala opichirira. Chapani jekete imene mumasutira. Muuzeni mwini kantemba kuti mwasiya ndipo asakukongozeninso. Ambiri amaiwala zimenezi, chonsecho ngongole ya pa kantemba ndi imene imabweza munthu tsiku limene alibe ndalama m'thumba.

Masiku oyamba thupi lichita bwanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera chifukwa palibe anawauza. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20. Koma sakhalitsa: pakatha maola awiri, theka lake latha m'magazi. N'chifukwa chake wosuta amafuna ina pakangopita kanthawi, ndipo n'chifukwa chakenso chibaba cha m'mawa chimakhala choopsa, poti usiku wonse thupi lakhala osalandira.

Mukasiya, zovuta zimayamba tsiku lomwelo, zimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo zimayamba kutsika sabata yoyamba ikatha. Kwa ambiri zimakhala zitaphwa pakatha masabata awiri mpaka anayi. Muyembekezere mtima wapachala, kusowa tulo, mutu kulemera, kulephera kuika maganizo pa ntchito, njala yosatha, ndipo ena m'mimba mumauma kwa masiku angapo. Zimenezi si matenda atsopano, ndiponso si umboni wakuti thupi lanu silingakhale popanda fodya. Ndi ubongo umene ukuzolowera kuyenda wopanda nikotini.

Amayi akunyumba auzidwe zimenezi tsiku lisanafike. Bambo amene akukalipira ana chifukwa cha chitseko chosatseka pa tsiku lachitatu safunika kumuuza kuti "bola muzingosuta". Mawu amenewa, olankhulidwa ndi munthu wotopa, agwetsa anthu ambiri. Mnyamata nayenso, poti amagwira ntchito pamwamba pa nyumba, adziwe kuti sabata yoyamba maganizo amabalalika, asamale pamakwerero ndi pamakina.

Pali kanthu kena kamene anthu sakadziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa msanga mphamvu ya khofi ndi tiyi m'thupi. Mukasiya, kapu yomweyo imakhalitsa m'magazi, ndiye mtima umathamanga ndipo tulo timasowa. Amene amamwa khofi kapena tiyi wambiri achepetse, makamaka madzulo. Chimodzimodzinso mankhwala ena: ngati mumamwa a mphumu otchedwa theophylline, kapena a matenda a maganizo monga clozapine ndi olanzapine, uzani a kuchipatala kuti mukusiya fodya, chifukwa mlingo ungafunike kusinthidwa. Odwala shuga nawonso aziyeza pafupipafupi masabata oyamba.

Chibaba chikabwera pakati pa tsiku, ndichite chiyani pompo?

Chibaba chimabwera mwamphamvu koma chimatha pakapita mphindi zochepa, nthawi zambiri zosapitirira zisanu kapena khumi, kaya mwasuta kaya simunasute. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo. Nyamukani pamene mwakhala. Imwani madzi pang'onopang'ono. Ikani kanthu m'kamwa kamene kamatenga nthawi: nzimbe, nsawawa zosenda nokha, chimanga chokazinga, mswachi wa mtengo. Kenako tumizani uthenga kwa mnzanu uja, ndipo lamulo likhale lakuti simuyatsa asanayankhe. Pofika nthawi imene wayankha, chibaba chimakhala chitapita.

Malo ena ndi ofunika kuwapewa kaye. Amalume anasiya kupita ku nsolo masabata awiri oyamba, ndipo ikatha nsima ya masana samakhalanso pakhonde, amatsuka m'kamwa n'kupita kukaona mbuzi. Mnyamata anasiya mowa mwezi wathunthu. Pa maliro sitingakane kupita, koma usiku pamoto pamene amuna amapatsirana fodya mungathe kukhala chapatali, kapena kudzipereka kotola nkhuni ndi kutunga madzi. Wina akakupatsani, yankho lalifupi ndi lokwanira: "Zikomo, ndinasiya."

Pali mankhwala othandiza? Mnyamata angatumize kuchokera ku Joni?

Alipo. Pa anthu 100 amene amasiya ndi mtima wokha, opanda chithandizo chilichonse, osakwana 10 ndi amene amakhala asanabwerere chaka chikatha. Si kuti enawo ndi ofooka, nikotini ndi wamphamvu. Mankhwala amakweza mwayi umenewu, ndipo amagwira bwino koposa akaphatikizana ndi munthu wokulimbikitsa.

Odziwika kwambiri ndi amene amapereka nikotini wopanda utsi. Pali chingamu cha mamiligiramu 2 ndi cha 4, ndipo pali kapulasitala komata pakhungu. Munthu ngati amalume, amene amayatsa akangodzuka, amayamba ndi chingamu cha 4. Mnyamata cha 2 chimukwanira. Chingamuchi sichitafunidwa ngati chamasewera. Mumatafuna pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa kapena kuwawa ngati tsabola, kenako mumachiika pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuyabwa kukatha mumatafunanso, n'kuchiikanso, kwa mphindi pafupifupi 30. Nikotini amalowera m'khungu la m'kamwa. Mukatafuna mofulumira n'kumeza malovu, mudzamva nseru, ntchirikitiro ndi kutentha pamtima, ndipo mudzati mankhwala ndi oipa pamene cholakwika ndi katafunidwe. Musamwe khofi kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi mphindi 15 musanatafune. Amene mano ndi ogwedera kapena ovala, chingamu chimawavuta, bola kapulasitala.

Kapulasitala kamamatidwa m'mawa pakhungu louma lopanda cheya, pamkono kapena pachifuwa, ndipo malo amasinthidwa tsiku lililonse. Ka mtundu wa maola 24 kamabwera m'milingo ya mamiligiramu 21, 14 ndi 7. Wosuta ndudu zoposa 10 patsiku amayamba ndi 21 kwa masabata 6, kenako 14 kwa masabata awiri, n'kumaliza ndi 7 kwa masabata awiri. Wosuta zochepera apo amayambira pa 14. Kakamakulotetsani maloto achilendo, kachotseni pogona. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusiya mankhwala pakatha sabata imodzi poganiza kuti nkhondo yatha. Ngati mnyamata akugula, agule okwanira ulendo wonse, osati kabokosi kamodzi.

Ku Joni chingamu cha nikotini chimagulitsidwa m'mafamase popanda kalata ya dokotala, choncho angathe kupatsira munthu wobwera kumudzi. Koma amalume asanayambe, apite kukiliniki akayezetse bipi ndi kufotokoza zimene akufuna kuchita, makamaka ngati anadwalapo mtima kapena sitiroko posachedwa. Palinso mapiritsi monga varenicline ndi bupropion. Amenewa ndi olembedwa ndi dokotala amene wamuona wodwalayo, si otumiza pabasi. Bupropion sapatsidwa kwa munthu amene amagwa khunyu.

Nanga amalume akangosiya za m'sitolo n'kutsala ndi chingambwe kapena fodya wa mphuno?

Akhala asanasiye. Ambiri amati wolima okha ndi wabwino poti alibe mankhwala a kufakitale, koma poizoni wamkulu amachokera m'kupsa kwa tsamba lenilenilo: phula limene limadetsa mapapo, ndi mpweya wa kaboni monokusaidi umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Wopichira m'nyuzipepala amakokanso utsi wa pepala ndi inki. Fodya wa mphuno ndi woika m'kamwa alibe utsi, koma nikotini alimo wambiri, amathamangitsa mtima ndi kukweza bipi, ndipo woika m'kamwa amaononga nkhama ndi kubweretsa khansa ya m'kamwa.

Kwa alimi a fodya wa bale, amene ndi ambiri kuno, vuto ndi lakuti tsamba lili m'chigafa pakhomo pomwepo. Kulima ndi nkhani ya ndalama za banja ndipo sitikuikamba pano. Koma mlimi amene akusiya asasungenso fodya wotsalira pa kusankha uja amene amaikidwa padera kuti "ndi wanga wosuta". Agulitsidwe kapena atayidwe yense, ndipo kiyi wa mosungira mabelo asunge amayi.

Ndasiya koma chifuwa chakula. Kodi fodya ndiye amachiletsa?

Ayi. M'njira za mpweya muli titsitsi tating'onoting'ono timene timakankhira makhololo kunja. Utsi umatifooketsa. Mukasiya timadzuka n'kuyamba kutulutsa zimene zinaunjikana, ndiye kwa masabata angapo munthu amatsokomola kuposa kale.

Koma pano ndikufuna ndimveke bwino, chifukwa chifuwa cha amalume chinayamba asanasiye. Chifuwa chimene chatha masabata awiri, makamaka ngati pali kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kuonda, kapena magazi m'makhololo, n'chofunika kukayezetsa TB. Musati ndi cha fodya chabe. Osuta amadwala TB kwambiri kuposa osasuta, ndipo chizolowezi chotsokomola chimabisa matendawa mpaka atafalikira kwa ana m'nyumba. Kuyeza makhololo ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Mnyamata nayenso, ngati amagona m'chipinda chothithikana ndi anzake, zizindikiro zomwezi azisamale. Kupweteka kofinya pachifuwa kotsikira kumkono kapena kunsagwada, kapena kubanika mwadzidzidzi, n'kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo.

Pa zaka 58, si mochedwa?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati wosiya ali ndi zaka pafupifupi 30 amawonjezera zaka za moyo pafupifupi 10 poyerekeza ndi wopitiriza, wa zaka 50 amawonjezera 6, ndipo wa zaka 60 amawonjezera 3. Mnyamata ndiye apindula kwambiri, koma amalume nawo sabwerako chimanjamanja. Pakatha maola 12 kaboni monokusaidi m'magazi amatsika kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakati pa masabata awiri ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kugwira bwinoko, moti chitunda chimene mumatsika panjinga mumayamba kuchikwera. Chaka chikatha, ngozi ya matenda a mtima imatsika kufika pafupifupi theka la ya wosuta. Pamene mapapo anaonongeka kale kwambiri sabwerera mwakale, koma kuonongekako kumaleka kuthamanga.

Ndalama zimene zikupulumuka tizitani nazo?

Ziwerengeni ndi mtengo wa pa kantemba panu. Tiyerekeze kuti ndudu imodzi ndi K2. Ndudu 12 ndi K24 patsiku, K720 pamwezi wa masiku 30, ndipo pachaka zimapitirira K8,700. Ndalama zimenezi zikangosakanikirana ndi zina sizioneka. Amalume aziika m'kabokosi kapena pa foni tsiku lililonse, mnyamata achitenso chimodzimodzi uko, ndipo agwirizane chimene adzagule, kaya feteleza, kaya malata. Mbali ina ipite ku mabandulo oimbirana.

Wina akabwerera, winayo atani?

Agwirizaniretu zimenezi tsiku losiya lisanafike, chifukwa mwayi woti zichitike ndi waukulu. Anthu ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Ngozi ya pangano la anthu awiri ndi yakuti mmodzi akagwa, winayo amapezerapo chifukwa: "poti mwasuta, nanenso ndisute." Choncho mfundo yoyamba ndi yakuti kugwa kwa wina sikumasula mnzake.

Yachiwiri ndi kuulula tsiku lomwelo. Izi n'zovuta kwa wamkulu, poti kuuza mwana kuti "ndalephera" si chinthu chapafupi. Mnyamata angapeputse katunduyu akamaulula zake poyamba, ngakhale tsiku limene anangotsala pang'ono kugula. Ndipo akamva kuti amalume asuta, asafunse kuti "bwanji mwatero?" Afunse kuti, "Munali kuti, munali ndi ndani, inali nthawi yanji?" Mayankho ake ndi amene amasonyeza chofunika kusintha. Ngati zinachitika pa nsolo, nsolo idikire sabata ina. Ngati zinachitika m'mawa chingamu chitatha, vuto ndi mankhwala ndipo agulidwe ena. Ngati ndi mowa, mwezi wosamwa uyambirenso.

Amene waterereka n'kusuta ndudu imodzi kapena ziwiri asachotse kapulasitala kapena kusiya chingamu. Ataye zotsala m'paketi ndipo apitirize tsiku lomwelo, osadikira Lolemba lina. Amene wabwereratu kwa masiku angapo asankhe tsiku latsopano mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, apitenso kukiliniki kukakambirana za mlingo wa mankhwala, ndipo winayo apitirize kutumiza uthenga wa 5:30 ndi kuimba Loweruka monga anapanganira.